Tayala Likakwera Pamwamba pa Madzi

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, ambirife timapitirizabe kukwera maminibasi ndi matakisi monga mwa masiku onse. Tisanakwere timayang'ana ngati muli malo, timafunsa mtengo, mwinanso timasuzumira nkhope ya dalaivala. Ndi ochepa mwa ife amene amawerama n'kuyang'ana matayala. Komatu galimoto yonse, pamodzi ndi ife ndi katundu wathu, imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo pa galimoto yaing'ono malo alionse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kukhota, kuima ndi kuthamanga konse kumadalira zikhatho zinayi zimenezi. Madzi akalowa pakati pa zikhathozo ndi phula, chiwongolero ndi mabuleki zimasanduka zokongoletsa chabe.

Ambiri timaganiza kuti mizere ya pa tayala ili ngati mano oluma msewu. M'matope ndi mumchenga zimenezi n'zoona ndithu. Koma pa phula louma, chimene chimagwira msewu ndi labala, ndipo labala wokhudza pansi akachuluka, tayala limagwira kwambiri. N'chifukwa chake magalimoto a mpikisano wa Formula 1 amathamanga ndi matayala osalala, opanda mzere ngakhale umodzi, kunja kukakhala kouma. Mvula ikangogwa, amathamangira kukasintha n'kuika matayala a mizere. Choncho pa msewu wa phula mizereyi si mano ayi, ndi ngalande. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya ngalande imene timakumba kuseri kwa nyumba kuti madzi asalowe m'kati.

Kuti timvetse kukula kwa ntchitoyi, tiyeni tiwerengere. Titenge galimoto yaing'ono imene tayala lake limaponda msewu masentimita 18 m'lifupi. Mvula yagwa ndipo pa msewu pali madzi akuya mamilimita 2 okha, amene sangamize ngakhale chala. Galimoto ikuyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola, kutanthauza kuti pa sekondi iliyonse ikudutsa mamita pafupifupi 22. Tikachulukitsa mulifupi mwa tayala, kuya kwa madzi ndi mtunda umenewu, tipeza kuti tayala limodzi likukumana ndi malita pafupifupi 8 a madzi pa sekondi iliyonse. Ndowa ya malita 20 ingadzaze pasanathe masekondi atatu. Madzi onsewa ayenera kuchoka pa njira kuti labala afike pa phula, ndipo nthawi yake ndi yochepa kwambiri, chifukwa kachigawo kalikonse ka tayala kamakhala pansi kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi.

Madziwo amathawira kuti? Tikaliyang'anitsitsa tayala tiona ngalande za mitundu itatu. Pali zikuluzikulu zimene zimazungulira tayala lonse. Izi zimameza madzi ambiri n'kuwatulutsira kumbuyo, ndipo ndi madzi amenewa amene timawaona akufuka ngati utsi kumbuyo kwa galimoto. Pali zina zopingasa kapena zopendekeka, zimene zimakankhira madzi m'mbali. Ndiye pali timizere ting'onoting'ono tokhala ngati tochekedwa ndi lezala. Timeneti timatseguka tayala likaponda pansi, ndipo m'mphepete mwake mumapala kamadzi kopyapyala kamene katsalira, monga mmene timapalira madzi pa simenti ndi chikolopa cha labala. Zonse zikamayenda bwino, kutsogolo kwa chikhatho chija kumakankha madzi, pakati pake pamafinya otsala, ndipo kumbuyo kwake labala amaponda phula lenilenilo.

Tsopano tione chimene chimachitika tayala likamatha. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi ngalande zakuya pafupifupi mamilimita 8. Tiyerekeze kuti tayala lathu lija lili ndi ngalande zikuluzikulu zinayi, iliyonse yotambalala sentimita imodzi. Ngalande zinayizi zikhoza kulandira pafupifupi madzi onse aja akuya mamilimita 2, ndipo otsalawo atulukira m'mbali. Koma tayala lomwelo likaperepeseka mpaka ngalande kutsala mamilimita 1.6, malo olandirira madzi amatsala gawo limodzi lokha mwa magawo asanu. Mvula ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, liwiro ndi lomwelo, koma madzi ambiri alibenso kolowera.

Madzi osowa kolowera amaunjikana kutsogolo kwa tayala n'kuyamba kudzipanikiza pansi pake ngati mphero yong'ambira chipika. Aliyense amene anamenyapo madzi a mumtsinje ndi chikhatho akudziwa kuti ukalowetsa dzanja pang'onopang'ono madzi amapatuka, koma ukamenya mwamphamvu amauma ngati thabwa. Madzi ndi olemera, ndipo amafuna nthawi kuti asunthe. Mphamvu imene amakankhira tayala m'mwamba imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Choncho galimoto ikamawonjezera liwiro, mphero ya madzi ija imalowerera pansi, ndipo gawo la labala lokhudza phula limachepa. Pamapeto pake tayala lonse limanyamuka n'kuyamba kuyandama pa madzi, ngati kamwala kaphanthiphanthi kamene ana amaponya kuti kadumphedumphe pa dziwe. Zimenezi ndiye zimene akatswiri amazitcha akwapuleningi, ena amati haidulopuleningi.

Anthu amene anafufuza nkhaniyi mozama anali a zandege, chifukwa ndege zinkatsetsereka potera pa mabwalo onyowa. Mu 1963, Walter Horne ndi mnzake a ku bungwe la NASA ku America anasonyeza kuti pamene madzi ndi akuya kuposa ngalande za tayala, liwiro limene tayala limayambira kuyandama limadalira kwambiri mpweya wa m'tayalamo. Lamulo lawo tingalilembe chonchi, `V = 6.36 × √p`, pamene `V` ndi liwiro m'makilomita pa ola, ndipo `p` ndi mphamvu ya mpweya mu `kPa`, monga imaonekera pa geji yopopera. Tayala lopopedwa kufika pa 220 lingayandame pa liwiro la makilomita pafupifupi 94 pa ola. Likaphwa pang'ono n'kufika pa 150, liwirolo limatsika kufika pa 78. Chifukwa chake n'chakuti tayala lofewa limaponda pansi mopanda mphamvu, ndipo pakati pake pamapindikira m'kati n'kusunga madzi. Tisatenge nambalazi ngati malire oti pansi pake tili otetezeka. Izo zikunena za pamene tayala layandama lonse, koma kugwira msewu kumakhala kutayamba kale kuchepa liwiro limenelo lisanakwane.

Madzi akuya chonchi sapezeka paliponse. Msewu wabwino amaumanga wokwera pang'ono pakati kuti madzi azitsikira m'mbali. Koma pamene malole olemera adutsa zaka zambiri, phula limalowa pansi n'kupanga tinjira tiwiri totsatira matayala, ndipo mvula ikagwa madzi amadekha m'menemo. Amadekhanso m'munsi mwa chitsetso, ndi pamene udzu kapena mchenga wa m'mphepete mwa msewu watseka njira ya madzi. Apa pali choopsa china: tayala la mbali imodzi likalowa m'chithaphwi, madzi amaligwira ndipo galimoto imakokekera mbali imeneyo. Tisasokoneze zimenezi ndi kuterera kwa mvula yoyamba. Mvula ikagwa patapita miyezi ya chilimwe, fumbi ndi mafuta a pa phula zimasakanikirana ndi madzi n'kupanga kautoto koterera, kamene kangatsetsereretse galimoto ngakhale pa liwiro lochepa, popanda chithaphwi chilichonse.

Kodi dalaivala angadziwe bwanji kuti wayamba kuyandama? Chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi, ndipo akachipotoza pang'ono galimoto siimvera. Ngati matayala amene ayandama ndi amene amakoka galimoto, injini imalira mokweza popanda liwiro kuwonjezeka, chifukwa matayalawo akungozungulira pa madzi. Ngati ayandama ndi akumbuyo, galimoto imayamba kugwedeza mchira. Chizindikiro china chimaoneka zinthu zisanafike poipa. Galimoto imene ili patsogolo imasiya mizere iwiri pa msewu wonyowa. Mizereyo ikamafufutika nthawi yomweyo, ndiye kuti madzi ndi ambiri moti akubwerera msanga, ndipo ndi nthawi yochepetsa liwiro.

Zikachitika, thupi limafuna kuponda mabuleki mwamphamvu ndi kupotoza chiwongolero. Zonse ziwirizi ndi zolakwika. Kuyandama nthawi zambiri kumatenga kanthawi kochepa, ndipo ngozi imabwera pamene matayala agwiranso phula. Ngati panthawiyo ali opotoka, galimoto imadumphira kumene aloza, kaya ndi kuphompho kaya ndi kumene kukubwera galimoto ina. Ngati mabuleki awamanga, galimoto ikhoza kuzungulira. Choyenera ndi kuchotsa phazi pang'onopang'ono pa chopondera chowonjezera liwiro, kugwira chiwongolero ndi manja awiri molunjika kumene msewu ukupita, ndi kudikira. Madzi omwewo amachepetsa liwiro, ndipo tayala limatsikanso n'kuponda pansi. Mabuleki a ABS amathandiza kuti matayala asamangike, koma sangagwire msewu umene tayala silikuukhudza.

Chosangalatsa n'chakuti tayala limatiuza lokha za msinkhu wake. M'kati mwa ngalande zikuluzikulu muli timilatho ta labala topingasa, totalika mamilimita 1.6. Kuti titipeze msanga, tiyang'ane m'mbali mwa tayala pamene pali kachizindikiro ka makona atatu kapena zilembo za TWI. Pamwamba pa tayala pakafanana ndi timilathoti, ndiye kuti tayalalo latha. Ku Britain ndi m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, mamilimita 1.6 ndiwo malire a lamulo pa magalimoto ang'onoang'ono, koma akatswiri ambiri amalangiza kusintha tayala likafika pa mamilimita 3, chifukwa pa msewu wonyowa limakhala litayamba kale kufooka. Amene tikugula matayala a kaunjika tikumbukire kuti gawo la ngalande zake linathera kwina. Tilowetse kamtengo ka machesi m'ngalande, tiike chala pamene kalekezera, kenako tiyeze pa rula. Tiyeze pakati ndi m'mbali monse, chifukwa tayala silitha mofanana. Ndipo ngati ndalama zangokwanira matayala awiri atsopano, opanga matayala amalangiza kuwaika kumbuyo, popeza galimoto imene yataya kumbuyo imazungulira ndipo ndi yovuta kuibweza.

Ambirife tilibe galimoto, koma maso tili nawo. Kuwerama pa siteji n'kuyang'ana matayala sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Ngati tayala lasalala ngati chipande ndipo kumwamba kwachita mdima, kuli bwino kudikira galimoto yotsatira. Ngati takwera kale ndipo mvula yatsika, palibe chamwano kunena kuti, “A dalaivala, tachepetsani pang'ono, madzi achuluka pa msewu.” Kuchoka pa 80 kufika pa 60 kumachepetsa mphamvu ya madzi yonyamula tayala ndi pafupifupi theka, ndipo pa ulendo wa makilomita 20 timachedwa ndi mphindi zisanu zokha.