Dulaivu ya pampu: ndime zitatu zoyenera kulembedwa bwino mu tenda

Bungwe lopereka madzi likafuna kugula mapampu, limatulutsa tenda, ndipo m'chikalatamo mumakhala gawo lofotokoza makina ofunikawo. Masiku ano m'gawoli simusowa dulaivu, kabokosi kamagetsi kamene mainjiniya amakatchula kuti VSD. Magetsi a ESCOM amabwera pa 50 Hz, ndipo mota yolumikizidwa mwachindunji imazungulira pa liwiro limodzi basi. Dulaivu imatsitsa kapena kukweza nambalayi kuti pampu izithamanga molingana ndi madzi amene akufunika. Vuto n'lakuti matenda ena amangonena kuti "dulaivu ya makilowati 30" n'kuthera pomwepo. Kontirakita amene akufuna kupambana pa mtengo amabweretsa yaing'ono kwambiri imene mawuwo akulola, ndipo palibe angamuimbe mlandu.

Ndime yoyamba ikhale ya kukula kwa dulaivu, ndipo muyeso wake ukhale maampeya, osati makilowati okha. Opanga ambiri amalonjeza mphamvu yonse ya dulaivu ngati kutentha sikupitirira madigiri 40 ndiponso malowo sali pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kupitirira apo mpweya umapepuka ndipo suziziritsa bwino, choncho kawirikawiri amachotsa 1 peresenti pa mamita 100 alionse, ndiponso pafupifupi 1 peresenti pa digiri iliyonse yowonjezera.

Tiyerekeze mota yolembedwa 62 A ikuikidwa ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'kanyumba ka malata momwe mkati mwa bokosi mumafika madigiri 45. Dulaivu ya 62 A itaya 6 peresenti chifukwa cha kukwera kwa malo, n'kutayanso 5 peresenti chifukwa cha kutentha, ndiye itsala ndi maampeya pafupifupi 55. M'mawa idzayenda bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo idzazima yokha n'kulemba uthenga wonena za kutentha. Choncho tenda itchule kutalika kwa malo ndi kutentha kwake, ndipo ilamule kuti maampeya otsala atachotsera zonsezi asachepere amene alembedwa pa mota. Ilamulenso wopikisana aliyense kuonetsa masamu ake. Kumene kuli fumbi ndi chinyezi, bokosi likhale la mulingo wa IP54 kapena kuposa.

Ndime yachiwiri ndi ya liwiro lotsikitsitsa. Anthu amakonda dulaivu chifukwa pampu ikamayenda pang'onopang'ono imadya magetsi ochepa, koma mphamvu yake yokankhira madzi m'mwamba imagwa msanga kuposa liwirolo: liwiro likatsika ndi theka, msinkhu umene madzi angafike umatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Tengani pampu imene pa 50 Hz imatha kukankha madzi mpaka mamita 80, pomwe thanki ili pa mamita 60. Mukaitsitsa kufika pa 40 Hz, mphamvu yake imathera pa mamita 51. Mota ikulira, magetsi akupita, koma m'thanki simukugwa ngakhale dontho, ndipo madzi ongozungulira m'pampu amatentha mpaka kuwononga zotsekera zake. Pa pampu imeneyi madzi amayamba kufika m'thanki liwiro likapitirira 43 Hz. Tenda inene kuti kontirakita awerengere malire amenewa kuchokera pa tchati cha pampu, awatsekere m'dulaivu, ndipo pampu izigona yokha madzi akasiya kufunika komanso izizima chitsime chikaphwa.

Ndime yachitatu ikhudze waya wochokera ku dulaivu kupita ku mota. Dulaivu imatulutsa magetsi modukizadukiza kambirimbiri pa sekondi, ndipo waya akatalika, monga zimakhalira pa pampu yomira m'chitsime chakuya, magetsiwo amafika ku mota ndi nsonga zokwera zimene zimadya pang'onopang'ono chikutiro cha mawaya a mkati mwake. Mota yotere imapsa nthawi yake isanakwane, anthu n'kumaloza chala fakitale. Tenda itchule kutalika kwenikweni kwa waya, ifune sefa yosalaza magetsi ngati kutalikako kwapitirira malire a wopanga, ndiponso kalata ya wopanga mota yovomereza kuti motayo ingayendetsedwe ndi dulaivu.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati ziyesedwa ndalama yomaliza isanaperekedwe. Tenda ilamule kuti pampu iyendetsedwe pa mphamvu yonse nthawi ya masana, maampeya ndi kutentha zilembedwe, liwiro lotsikitsitsa litsimikizidwe poona madzi akugwa m'thanki, ndipo kontirakita asiye m'manja mwa bungwe mndandanda wa manambala onse amene waika m'dulaivu pamodzi ndi nambala yachinsinsi yotsegulira. Popanda zimenezi, dulaivu ikadzawonongeka, woikonza adzachita kuyambira pachiyambi.