Imelo yofunsira udindo waukulu: manambala amene a bodi amafuna kuona

Kampani ikalengeza m'nyuzipepala kuti ikufuna mkulu woiyendetsa, maimelo ambiri amene amafika amayamba ndi kudzichemerera: wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kukhala ndi anthu. A bodi anatopa nawo mawu amenewa. Iwo amafuna kudziwa, m'ndime zitatu kapena zinayi zokha, kuti munthuyu anasenzapo katundu wolemera bwanji.

Tiyerekeze mayi amene amayendetsa ntchito za bungwe logula mbewu kwa alimi, ndipo tsopano akufuna mpando wa mkulu wa kampani ina. Ndime yake yoyamba imatchula udindo umene akufunsira, kenako kukula kwa dera lake: "Ndimayang'anira ntchito yogula, kusunga ndi kutumiza mbewu m'maboma 6 a chigawo chapakati, ndipo ndimapereka malipoti ku bodi miyezi itatu iliyonse." Mbali yomalizayo ndi yofunika, chifukwa ikusonyeza kuti mayiyu anakhalapo kale patebulo la eni kampani n'kuyankha mafunso awo.

Pa ndalama m'pamene ambiri amaterereka. Kulemba kuti "bajeti ya K2 biliyoni" osatchula chaka sikuuza woŵerenga zambiri. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Choncho K2 biliyoni imene inali pafupifupi madola 1.7 miliyoni inasanduka madola 1.2 miliyoni tsiku limodzi. Wolemba wochenjera amaika chaka pambali pa nambalayo, ndipo ngati akulembera bungwe lakunja amaonjezera mtengo wake m'madola a nthaŵi imeneyo.

Ayeneranso kunena kuti ndalamazo amachita nazo chiyani. Kukonza bajeti, kukaiteteza ku bodi ndi kusainira kuti ndalama zituluke n'kosiyana kwambiri ndi kungoŵerengera zimene ena agwiritsa ntchito. Mayi wathuyu akhoza kulemba kuti bajetiyo amaikonza yekha, ndipo amavomereza malipiro osaposa K50 miliyoni popanda kudikira wina. Ngati malamulo a kampani salola kuulula nambala yeniyeni, kunena kuti "yoposa K1.5 biliyoni" n'kokwanira.

Chiŵerengero cha antchito nachonso chili ndi msampha wake. "Ndimatsogolera anthu 240" zimamveka bwino, koma wina pa bodi adzafunsa kuti mwa iwowo ndi angati amene amaloŵa mu ofesi yake kudzapereka malipoti. Bwino kuneneratu: mamanejala 5 ali pansi pake mwachindunji, antchito okhazikika ndi 85, otsalawo ndi aganyu a nyengo yokolola. Manambala ofufumitsa sachedwa kuululika, pakuti olemba ntchito amaimbira foni mabwana akale, ndipo amene analipira anthu 90 sangavomereze 240.

Ndime yotsiriza imakhala yaifupi: chinthu chimodzi chimene anasintha chokhala ndi nambala yake, zikalata zimene waphatikiza pa imeloyo, ndi mwezi umene angayambe ntchito akatsanzika kumene ali.