Mawu a M'munsi mwa Kanema: Tiwerenge Zilembo, Osati Mawu

Munthu akaima pa msika wa pa boma la Karonga kwa mphindi khumi zokha, amamva zilankhulo zosachepera zinayi. Pali Chinkhonde, chimene eni ake amachitcha Kyangonde, pali Chitumbuka chimene chimamveka kwambiri tikamalowera ku Chilumba, pali Chichewa, komanso Chiswahili cha amalonda odutsa pa chipata cha Songwe. Choncho kanema wojambulidwa m'boma lino, ngakhale wa mphindi ziwiri, amakhala ndi omvera amene sakumva chimene chikunenedwa. Njira yotsika mtengo yowafikira ndiyo kulemba mawu m'munsi mwa chithunzi, amene ena amawatcha masabutaitulo.

Ambiri a ife amene timajambula ndi foni timaganiza kuti ntchitoyi ndi yomasulira basi. Kumasulira ndi theka chabe. Theka linalo ndi nthawi: mawu aonekere liti, achoke liti, ndipo kodi woonera amaliza kuwawerenga asanachoke? Kuti tione bwino, tiyerekeze kuti tikukonza kanema wochenjeza anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa North Rukuru, umene umasefukira kawirikawiri nyengo ya mvula. Mawu a chenjezo akathawa munthu asanawamalize, uthenga wonse wapita pachabe.

Muyezo wa ena sutikwana

Mabungwe akuluakulu ali ndi miyezo yawo. BBC imalangiza kuti mawu a m'munsi azithamanga pa liwiro la mawu 160 mpaka 180 pa mphindi. Netflix imawerenga zilembo: mu Chingerezi imalola zilembo 20 pa sekondi kwa akuluakulu ndi 17 kwa ana, mzere umodzi usapitirire zilembo 42, mizere isapose iwiri, ndipo mawu asakhale pa sikirini kupitirira masekondi 7. Palinso lamulo lakale la omasulira mafilimu a ku Ulaya lakuti mizere iwiri yodzaza ikhale masekondi 6, zimene zimapereka zilembo pafupifupi 12 pa sekondi.

Muyezo wowerenga mawu unapangidwira Chingerezi, chimene mawu ake ambiri ndi aafupi. Zilankhulo zathu zimamanga chiganizo chonse m'liwu limodzi. Liwu lakuti "sitinawachenjeze" lili ndi zilembo 16, ndipo m'kati mwake muli kukana, wochita, nthawi, ochitiridwa ndi ntchito yeniyeniyo. Chingerezi chimafuna mawu asanu kuti chinene zomwezo. Chitumbuka, Chinkhonde ndi Chiswahili zimamanganso mawu chimodzimodzi. Tikawerenga mawu, tidzadzinamiza kuti tili bwino pamene diso la woonera likulephera kufika kumapeto. Ndiye chifukwa chake timawerenga zilembo zonse, kuphatikizapo mipata ndi zizindikiro, n'kugawa ndi masekondi.

Pali chifukwa chinanso chochepetsera liwiro kuno. Kuyambira mu 1968, Chichewa ndicho chilankhulo cha m'dziko muno chimene chakhala chikuphunzitsidwa ngati phunziro m'sukulu zonse. Anthu ambiri a ku Karonga amalankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka bwino lomwe, koma sanazolowere kuchiona cholembedwa tsiku ndi tsiku, ndiye amachiwerenga pang'onopang'ono. Onjezeranipo kuti kanemayo adzaonedwa pa kafoni kakang'ono, mwina anthu atatu atakaunjirira padzuwa. Ife timalangiza kuyambira pa zilembo 12 pa sekondi, ndipo ngati oonera ndi ophunzira ozolowera kuwerenga, tingakwere mpaka 15.

Chiganizo chimodzi, masekondi asanu ndi awiri

Mu kanema wathu, mayi wina wachikulire akulankhula Chinkhonde. Akuyamba pa sekondi 12.4 ndi kumaliza pa 19.4, kutanthauza masekondi 7. Womasulira wathu watipatsa Chichewa chonse motere: "Mukangoona kuti madzi a mumtsinje ayamba kufiira ndipo akubwera ndi zinyalala, musadikire kuti mpaka mfumu ilengeze, tengani ana muthawire kumtunda."

Chiganizochi chili ndi mawu 20. Mawu 20 pa masekondi 7 ndi mawu 171 pa mphindi, ndipo pa muyezo wa BBC chakhoza. Koma zilembo zake ndi 148, ndipo tikagawa ndi 7 tikupeza zilembo 21 pa sekondi. Chaposa ngakhale malire amene Netflix imaikira anthu akuluakulu owerenga Chingerezi. Pa liwiro lathu la 12, masekondi 7 akutipatsa malo a zilembo 84 zokha. Tiyenera kudula pafupifupi theka.

Timayamba kuchotsa zimene chithunzi chikunena kale. Mayiyo waima m'mbali mwa mtsinje, ndiye "a mumtsinje" achoke. "Mukangoona kuti" ndi "ayamba" akhoza kulowa m'kaneni kamodzi, "akafiira". Gawo loyamba likutsala motere: "Madzi akafiira n'kudza ndi zinyalala," ndipo zilembo zake ndi 37.

Gawo lachiwiri ndi lofuna kusamala. Njira yaifupi kwambiri ndi "musadikire mfumu", koma mawu amenewa asintha tanthauzo. Mayiyo sananene kuti anthu anyoze mfumu yawo. Wanena kuti madzi sadikira chilengezo. Kanema wonena kuti "musadikire mfumu" angakhumudwitse anthu amene tikufuna kuti atithandize kumufalitsa, ndipo angamuike mayiyo pa mlandu umene sanapalamule. Tisankhe "musadikire chilengezo", ngakhale ndi lalitaliko. Kufupikitsa kuli ndi malire: kukana, manambala, mayina a malo ndi chochita chenicheni sitimazigwira.

Mawuwa timawasunga mu fayilo ya mtundu wa SRT, imene ndi zolemba wamba zokhala ndi nambala, nthawi ndi mawu:

```
4
00:00:12,400 --> 00:00:15,600
Madzi akafiira n'kudza ndi zinyalala,

5
00:00:15,680 --> 00:00:19,880
musadikire chilengezo.
Thawirani kumtunda ndi ana.
```

Gawo 4 lili ndi zilembo 37 pa masekondi 3.2, pamene gawo 5 lili ndi 49 pa masekondi 4.2. Onse awiri ali pansi pang'ono pa 12. Taonani kuti gawo 5 talisiya kwa theka la sekondi mayiyo atasiya kulankhula. Kuchedwa kuchotsa mawu pang'ono sikuvuta ngati palibe wina akulankhula, koma kuchedwa kuwaonetsa kumasokoneza, chifukwa woonera amaona milomo ikuyenda pansi palibe kanthu. Pakati pa magawo awiriwa tasiyapo kampata ka mamilisekondi 80, komwe ndi mafulemu awiri pa kanema wa mafulemu 25 pa sekondi. Popanda kampatako diso silizindikira msanga kuti mawu asintha. Mzere tauthyolanso pamene ganizo lathera. Sitingasiye "ndi" kumapeto kwa mzere woyamba n'kuponya "ana" pa wachiwiri.

Nthawi imodzi, zilankhulo zambiri

Nthawi timaiika kamodzi kokha. Mapulogalamu aulere monga Subtitle Edit ndi Aegisub amaonetsa mafunde a mawu, ndiye timaona pamene munthu wayambira ndi pamene wapumira, ndipo amatiwerengeranso zilembo pa sekondi, pa ndime yolembedwa CPS. Fayilo yoyambayo ikakhala bwino, timaikopera omasulira onse, aliyense n'kumuuza malo amene ali nawo: gawo 4, zilembo zisapose 38 kapena 39. Wa Chiswahili akalemba "Maji yakiwa mekundu na kubeba takataka," ali pa 39, ndipo zakwana. Chilankhulo china chikakana kulowa, womasulira afupikitse kapena atalikitse mapeto a gawo ngati pali mpata, koma asasunthe poyambira.

Womasulira aliyense amvere mawu enieni a mayiyo, kapena apatsidwe kumasulira kwathunthu kwa zilembo 148 kuja. Akamasulira kuchokera ku Chichewa chodulidwa kale, n'kudulanso, ndipo wina n'kumasulira kuchokera kwa iyeyo, pofika pa chilankhulo chachitatu ana aja angathe kusowa m'chiganizo. Tisaiwalenso kulemba Chinkhonde chenichenicho, chifukwa anthu osamva amafuna mawu a m'munsi ngakhale kanema ali m'chilankhulo cha kwawo.

Mafayilo timawasiyanitsa ndi zidule zodziwika: madzi.ny.srt ya Chichewa, madzi.tum.srt ya Chitumbuka, madzi.sw.srt ya Chiswahili, ndi madzi.nyy.srt ya Chinkhonde. Posunga tisankhe UTF-8. Chitumbuka chimagwiritsa ntchito kwambiri chilembo cha ŵ, ndipo fayilo ikawerengedwa mwa njira ina, "ŵana" amaoneka ngati "Åµana". Tikaona zilembo zachilendo zotere, vuto si womasulira, ndi kasungidwe ka fayilo.

Kanema akamayenda pa WhatsApp, fayilo ya SRT sipita naye. Pamenepo mawu tiyenera kuwamatiratu pa chithunzi, chilankhulo chilichonse kanema wake:

```
ffmpeg -i madzi.mp4 -vf subtitles=madzi.ny.srt madzi_ny.mp4
```

Kuika zilankhulo ziwiri pa kanema mmodzi kumakopa, koma chilichonse chimangopeza mzere umodzi, ndipo diso limataya nthawi kufunafuna mzere wake. Makanema anayi aafupi ndi abwino kuposa mmodzi wodzaza mizere inayi.

Kuyesa tisanatumize

Manambala akakwana, tiyese ndi anthu. Tipatse foni munthu amene sanaonepo kanemayo, wofanana ndi amene tikufuna kuwafikira, titseke mawu, aonere kamodzi kokha. Kenako timufunse mafunso awiri: mayiyu wati tichite chiyani, nanga anavala chiyani? Akalephera loyamba, mawu akuthamanga kapena tadula zofunika. Akakhoza loyamba n'kulephera lachiwiri, ndiye kuti nthawi yonse anali kuwerenga, sanaone chithunzi, ndipo tiyenera kuchepetsabe zilembo.

Tionerenso poyamba, pakati ndi pomaliza kuti tidziwe ngati nthawi ikugwirizana. Mawu akamachedwa mofanana paliponse, timangosuntha fayilo yonse kamodzi. Akakhala bwino poyamba koma n'kusemphana mwadzidzidzi pakati, ndiye kuti wina wadula kapena kuwonjezera kachidutswa titaika kale nthawi, ndipo mafayilo onse anayi ayenera kukonzedwa kuyambira pamenepo. Ndiye chifukwa chake mawu a m'munsi timawayamba pokhapokha kanema atadulidwa komaliza.

Pomaliza, mawu a m'munsi amathandiza okhawo odziwa kuwerenga. Ngati chenjezo likupita kwa agogo kapena kwa ana aang'ono a m'midzi ya m'mbali mwa Rukuru, tijambule munthu akuwerenga kumasulirako mokweza n'kuika mawu akewo pa kanema. Fayilo ya SRT ija idzathandizanso pamenepo, chifukwa ikumuuza kale wowerengayo kuti gawo 4 ali nalo kwa masekondi 3.2 okha.