Lipoti la ku Ulongwe pa tebulo la ahedi

Pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo, monga pa Lizulu, pomwe munthu akangowoloka msewu ndiye kuti walowa mu Mozambiki. Anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chilankhulo chimodzi, amakwatirana ndipo amagula mbatata pamsika umodzi. Malire amadzaonekera bwino tsiku limene mwana wophunzira ku Angonia wabwera kudzapempha malo pasukulu ya kuno, lipoti lake lili m'Chipwitikizi.

Tiyerekeze za mtsikana wa zaka 12 amene wamaliza kalasi yachisanu ndi chimodzi ku Ulongwe mu Disembala, ndipo mu Januwale wabwera kudzakhala ndi azakhali ake ku Dedza. Lipoti lenileni latsala ndi bambo ake. Azakhaliwo ali ndi chithunzi chokha chimene chabwera pa WhatsApp, ndi pepala limene mnansi wodziwa Chipwitikizi wawamasulira. Chimene chatsala ndi kakalata kopita kwa mphunzitsi wamkulu. Ambiri amakaona ngati mwambo chabe, koma ndi kamene kanganene zinthu zimene sizili pachithunzi kapena pa pepala lomasuliralo.

Vuto loyamba ndi manambala. Ku Mozambiki malikisi amayambira pa 0 kulekeza pa 20, ndipo wopeza 10 ndiye wakhoza. Mtsikanayu ali ndi 14 pa masamu, 11 pa Chipwitikizi ndi 13,5 pa sayansi. Mphunzitsi wa kuno, amene anazolowera malikisi a pa 100, akangoona 14 akhoza kugwira pakamwa poganiza kuti mwanayu sadziwa ngakhale kuchotsera. Chonsecho 14 pa 20 ndi chimodzimodzi 70 pa 100, ndipo kwawoko amenewo ndi malikisi abwino. Kampumiro kali mu 13,5 nakonso kamasokoneza: olemba Chipwitikizi amaika chizindikiro chimenechi pomwe kuno timaika kadontho, choncho nambalayo ndi 13 ndi theka, osati malikisi awiri osiyana.

Apa womasulira wokoma mtima amalakwitsa. Pofuna kuthandiza, amafufuta 14 n'kulemba 70. Ahedi akayerekeza pepala lake ndi chithunzi amapeza manambala osiyana, ndipo kukayikira kumayambira pomwepo. Womasulira wabwino amasiya nambala iliyonse mmene ilili, pamzere womwewo, m'ndondomeko yomweyo, kuti ngakhale munthu wosadziwa Chipwitikizi athe kulondola ndi chala. Kufotokoza kuti malikisiwo ndi a pa 20 ndi ntchito ya kakalata kaja.

Mawu ena ochepa ndi amene amanyamula tsogolo la mwana. Pa lipoti pakalembedwa "Transita" kapena "Aprovado", mwana wakhoza ndipo akupita kalasi yotsatira. "Não transita" kapena "Reprovado" ndiye kuti abwereze. "Média" ndi malikisi a pakatikati. "Faltas" ndi kujomba, ndipo womasulira wothamanga akhoza kuika nambala imeneyo m'gulu la malikisi.

Dzina lisamasuliridwe. João asasanduke Yohane, ndipo dzina limene kwawo analilemba ndi nh lisasinthidwe kukhala ny chifukwa choti kuno timalemba choncho. Dzina lolowa m'kaundula wa sukulu ndi limene lidzapite ku MANEB, ndipo likasiyana ndi la pa zikalata zobadwira, kulikonza pambuyo pake ndi ntchito yotopetsa.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya kalasi. Kutsatira lamulo la maphunziro la 2018, pulayimale ya ku Mozambiki ndi ya zaka 6, ndipo kalasi yachisanu ndi chiwiri ndi chiyambi cha sekondale. Kuno pulayimale ndi ya zaka 8. Choncho mtsikana uja, malinga ndi kwawo, wamaliza pulayimale, ndipo bambo ake akhoza kuyembekezera kuti alowa Fomu 1. Koma kuno malo a Fomu 1 m'sukulu za boma amaperekedwa potengera mayeso a Sitandade 8, amene iye sanalembe. Powerenga zaka zimene wakhala m'kalasi, malo ake ndi Sitandade 7. Makalendala nawonso sagwirizana. Chaka cha sukulu ku Mozambiki chimayamba kumayambiriro kwa chaka n'kutha chakumapeto kwake, pomwe kuno chimayamba mu Seputembala. Akafika mu Januwale, anzake a Sitandade 7 amakhala atadya kale teremu yathunthu. Onjezani kuti wakhala akuphunzira m'Chipwitikizi pomwe kuno makalasi a pamwamba amaphunzira m'Chingerezi, ndipo muona chifukwa chake ahedi ena angasankhe kumuyesa kaye, mwinanso kumuika Sitandade 6 kuti amalize chakacho akuzolowera chilankhulo. Chinyanja cha kwawo chimuthandiza kucheza ndi anzake pabwalo, koma sichimuyankhira funso la sayansi lolembedwa m'Chingerezi.

Kakalata kanzeru sikalamula kalasi. Kamayala mfundo n'kusiyira mwini sukulu kuti agamule, ndipo ngati nkhaniyo yamukulira amakafunsa kwa mlangizi wa zoni kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma. Azakhali aja akhoza kulemba motere:

"Kwa Aphunzitsi Aakulu. Ndikupempha malo a mwana wa mchimwene wanga, wa zaka 12, amene tsopano akukhala ndi ine. Wamaliza kalasi 6 ku Ulongwe, Mozambiki, mu Disembala, ndipo anakhoza. Ndaphatikiza chithunzi cha lipoti lake, mbali zonse ziwiri, ndi pepala lomasulira. Anamasulira ndi mnansi wanga, amene walemba dzina lake ndi kusaina m'munsi. Malikisi ndi a pa 20, ndipo kukhoza kumayambira pa 10. Wakhala akuphunzira m'Chipwitikizi. Chingerezi amachidziwa pang'ono. Lipoti lenileni lili ndi bambo ake ndipo lifika mwezi uno usanathe. Ngati mungafune kumuyesa musanamupatse kalasi, tili okonzeka. Zikomo bambo."

Mzere wonena za Chingerezi makolo ambiri amafuna kuuchotsa poopa kuti mwana abwezedwa kalasi. Kuubisa sikupindula kanthu, chifukwa mphunzitsi amazindikira sabata yoyamba isanathe. Chimodzimodzi mzere wonena amene anamasulira: mnansi atchulidwe kuti ndi mnansi. Sukulu ikafuna womasulira wovomerezeka idzanena yokha. Ndipo chidindo cha majisitireti kapena loya pa fotokope chimangochitira umboni kuti fotokopeyo ikufanana ndi pepala lenileni limene iye waliona. Sichinena kanthu za kumasulira, ndipo nthawi zambiri sadinda asanaone pepala lenilenilo.

Chithunzicho chili ndi mavuto akeake. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, moti 11 wolembedwa pamanja amatha kuoneka ngati 17. Wotumiza akasankha Document m'malo mwa Gallery, chithunzi chimafika mmene anachijambulira. Pepala aliyale patebulo, panja pamthunzi, ngodya zonse zinayi zioneke, pamodzi ndi chidindo cha sukulu, siginecha ya mphunzitsi wamkulu wa kumeneko ndi chaka. Kuseri kwa pepala asakuiwale, chifukwa nthawi zina ndemanga ya mphunzitsi imakhala kumeneko.

Pomwe chala cha wojambula chaphimba nambala, kapena pepala linapindika, womasulira alembe kuti "apa sipakuwerengeka" ndipo asaganizire. Kwa mtsikana wa ku Ulongwe uja, ngati malo osawerengekawo ali pa malikisi a teremu yomaliza, azakhali ake aimbire foni bambo ake madzulo omwewo kuti ajambulenso, kakalata kasanapite ku ofesi ya ahedi m'mawa.