Kamphaka kokana kugona: nthano yathu ya Chisipanishi

Mu Chisipanishi munthu akafuna kugona amati tengo sueño, ndipo mukamasulira liwu ndi liwu mupeza kuti akunena chimodzimodzi ngati ife: ndili ndi tulo. Njala ikamupweteka amati tengo hambre, ndili ndi njala. Ludzu ndi tengo sed, mantha ndi tengo miedo. Chingerezi sichiyenda choncho, n'chifukwa chake ana oyamba Chisipanishi kuchokera ku Chingerezi amapunthwa pomwepa. Ife makolo a Chichewa tili ndi mwayi umene ambiri sitiudziwa, ndipo nthano imene ndimasimbira mwana wanga wa zaka zisanu ndinaimanga pa liwu limodzi lomweli, tengo.

Tikukhala ku Texas, kumene Chisipanishi chimamveka paliponse, m'basi, m'sitolo, pabwalo losewerera. Mtsikana wangayu ali m'kalasi yophunzira m'zinenero ziwiri, ndipo masabata oyamba theka la tsiku ankangokhala chete, osatha ngakhale kupempha madzi. Sindinkafuna kuti aloweze mitundu ya zinthu kapena manambala kaye. Ndinkafuna adziwe kunena chimene thupi lake likumva, kuti aphunzitsi amuthandize.

Nthanoyo ndi ya kamphaka kokana kugona. Imayamba ndi Había una vez, amene ali ngati "Padangotero" wathu, kenako un gato pequeño, mphaka wamng'ono. Gawo loyamba lonse ndi ili:

Es de noche. Mamá dice: «A dormir.»
El gato dice: «No tengo sueño. Tengo hambre.»
Mamá le da leche.

Ndiye kuti kwada, amayi akuti tiyeni mukagone, kamphaka kakuti ndilibe tulo, ndili ndi njala, amayi n'kukapatsa mkaka. Gawo lachiwiri ndi lomwelo ndendende, kungosintha mawu awiri: kamphaka kakuti tengo sed, amayi n'kukapatsa agua, madzi. Lachitatu kakuti tengo frío, kakumva kuzizira, kalandira una cobija, bulangete. Lachinayi kakuti tengo miedo, ndipo amayi akapsompsona, un beso. Pomaliza liwu loti no limagwa, kamphaka n'kunena motsitsa kuti Mamá, tengo sueño. Amayi amati buenas noches, nkhani yatha. Mawu osiyana m'nthano yonseyi ndi pafupifupi 30, ndipo ndikaisimba mosathamanga sipitirira mphindi zisanu.

Muona kuti no tengo sueño akubwera kanayi, ndipo tengo yekha akumveka kasanu ndi kanayi. Nkhaniyo yagona pamenepo. Mwana akamva chiganizo chimene akuchidziwa kale, khutu lake limapuma, ndiye mphamvu zonse zimapita pa liwu limodzi lachilendo limene lalowa. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, amangomva phokoso. Komanso tanthauzo la liwu latsopanolo limaululidwa ndi chimene amayi apereka: akaona ndikunamizira kumwa madzi pa agua, safunanso kuuzidwa kuti sed n'chiyani. Ndimagwira pamimba pa hambre, ndimanjenjemera pa frío, ndimabisa nkhope pa miedo. Pakati pa nthano sindimasulira. Kumasulira ndinachita kamodzi, m'Chichewa, tsiku loyamba tisanayambe.

Amene munakulira pa nthano za agogo mukukumbukira kuti omvera sakhala duu, amavomera "Tili tonse". Ndinatenga zomwezo. Masiku atatu oyamba ndinkasimba ndekha. Tsiku lachinayi ndinafika pa El gato dice n'kuima, kumuyang'ana. Anadikira pang'ono, kenako anakuwa yekha kuti no tengo sueño, mosangalala kwambiri poti ndi mawu amene mwana aliyense amafuna kuuza mayi ake usiku. Kuyambira pamenepo iye ndiye mphaka, ine ndine amayi. Akakakamira sindimufunsa kuti "waiwala?", ndimangomuyambira ten... iye n'kumaliza.

Za katchulidwe musaope kwambiri. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka ngati athu omwewa, osati ngati a Chingerezi. Werengani gato, agua, luna ngati mukuwerenga Chichewa, mukhala mwayandikira zedi. Chilembo cha ñ ndi ny wathu, ndiye sueño ndi "swenyo", pequeño ndi "pekenyo". Chilembo cha h sachitchula, hambre ndi "ambre". Chilembo cha j chimatuluka pakhosi ngati h wolimba, cobija n'kukhala "kobiha". Mawu ambiri othera ndi vawelo amatsindika mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto, monga tizolowera ife, pokhapokha pamwamba pakhale kachizindikiro. Mamá amatsindika kumapeto. Samalani ndi papá: mukatsindika poyamba mwanena papa, mbatatesi, ndipo bambo a m'nyumba sangakondwe.

Vuto lathu lenileni ndi l ndi r. M'Chichewa kaya munena "kulila" kaya "kulira" aliyense akumvani, koma kwa iwo pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", ndipo perro, wa r wogubuduza lilime, ndi galu. N'chifukwa chake ndinasankha mphaka osati galu. M'nthanoyi r alimo mu hambre, frío ndi dormir basi, ndipo awa ndinapempha mnzanga wa ku Mexico anditchulire ndijambule pafoni, kuti mwana amve lilime la eni ake. Ndi iyeyo anandiuza kuti kwawo bulangete amati cobija, pomwe ku Spain amati manta. Gwiritsani limene mwana azilimva kusukulu kwake.

Mungadziwe bwanji kuti akumva, osati kungoloweza ngati nyimbo? Sokonezani dongosolo. Patatha sabata ziwiri, kamphaka katati tengo sed, ine ndinati Mamá le da una cobija. Mwana woloweza amangopitirira. Wanga anadzuka pamtsamiro n'kutsutsa kuti ayi, agua! Chizindikiro china choyenera kutchera khutu ndi chakuti mwana anene estoy hambre kapena soy hambre. Pamenepo dziwani kuti akumasulira kuchokera ku Chingerezi. Musamukalipire, ingomufunsani kuti m'Chichewa timati chiyani. Akati "ndili ndi njala", muuzeni kuti tengo ndi "ndili ndi" yemweyo. Pa frío pokha ndi pamene Chichewa sichithandiza, poti ife timati "ndikumva kuzizira" pomwe iwo amati ali nako kuzizirako. N'chifukwa chake ndinaliika lachitatu, khutu litazolowera kale.

Nthano imodzi sipangitsa mwana kuyankhula Chisipanishi. Imamupatsa kachiganizo kamodzi kamene angakadalire, ndipo akakagwira mumakulitsa pang'onopang'ono. Ife titatha mwezi tinawonjezera funso la amayi, ¿Tienes sueño?, uli ndi tulo? Apa anazindikira yekha kuti tengo ndi wa iwe mwini, tienes ndi wa amene ukuyankhula naye. Ife timasintha kumayambiriro, ndili, uli, ali, iwo mathero a liwu ndiwo amaonetsa munthu, tengo, tienes, tiene. Sindinamuuze lamulo lililonse. Tsopano mphaka tamuchotsa, talowetsa kalulu, el conejo, amene pa gawo la njala amalandira una zanahoria, karoti, ndipo liwu limeneli latitengera masiku anayi kuti lituluke bwinobwino.