Chitsulo chochuluka si chitetezo mu bimu

Bimu ya konkire ikasenza katundu imapindika pang'ono: kumtunda imapanikizika, kumunsi imakokeka. Konkire imapirira kupanikizidwa, koma ikakokedwa imang'aluka msanga, n'chifukwa chake zitsulo zimayalidwa kumunsi. Eni nyumba ambiri amaganiza kuti kuchulukitsa zitsulozo ndiko kulimbitsa nyumba. Ayi ndithu, pali malire.

Titenge bimu ya mamita 5 yokhala pa zipilala ziwiri, mulifupi (b) mamilimita 230, msinkhu 450. Kuchoka pamwamba kufika pakati pa zitsulo (d) ndi mamilimita 400. Katundu, titawonjezera kale gawo lachitetezo, ndi 30 kN pa mita. Mphamvu yopinda pakati pa bimu ndi wL²/8, yomwe ikutipatsa 93.75 kNm. Konkire ndi ya giredi 25, zitsulo ndi za 460 N/mm².

Injiniya wotsata malamulo a ku Britain a BS 8110 amayamba wafunsa ngati konkireyo ikwanitse:

```
K = M / (b d² fcu) = 0.102
As = M / (0.87 fy z)
```

K asapitirire 0.156. Akapitirira, bimu yachepa ndipo iyenera kukuzidwa kapena kuikidwa zitsulo zothandiza kumtunda. Yathuyi yapambana. Mtunda wa pakati pa mphamvu yopanikiza ndi yokoka (z) ukutuluka mamilimita 348, choncho pakufunika zitsulo za 673 mm². Zitsulo zitatu za Y16 zimangokwana 603, zaperewera. Zinayi zimapereka 804, ndipo pakati pake pamatsala mpata wa mamilimita oposa 30 woti miyala ya konkire idutse.

Apa m'pamene ena amasiyira, chonsecho funso lalikulu likadalipo: bimuyi itati yalemedwa mopyola, ingagonje bwanji? Timafuna kuti chitsulo chiyambe ndicho kutamuka, bimu iwerame, ming'alu ya kumunsi ikule, anthu aone ndi kutuluka. Konkire ikayamba ndiyo kuphwanyika kumtunda, bimu imagwa mwadzidzidzi, osachenjeza.

Choyezera ndi kuzama kwa gawo lopanikizika, x, komwe kusapitirire theka la d, kutanthauza mamilimita 200. Ndi zitsulo zinayi za Y16, x ndi 138, ndiye mtima m'malo. Koma mmisiri akati, "Bwana, tiike zitatu za Y25, zilimbe zedi," zitsulo zimafika 1,473 mm² ndipo x amatsikira pa 253. Pamenepo konkire imaphwanyika chitsulo chisanatamuke mokwanira. Bimuyo isenza katundu wambiri, inde, koma yataya chenjezo lija, ndipo kwa ine kumeneko n'kutaya kwakukulu.

Kuchepetsa nakonso kuli ndi malire: zitsulo zisatsike pansi pa 0.13 peresenti ya mulifupi kuchulukitsa ndi msinkhu, apa 135 mm², kuopa kuti zingaduke konkire ikangong'aluka koyamba. Ndipo masamu onsewa adalira d. Zitsulo zikakhala mamilimita 50 pamwamba pa malo ake pothira konkire, bimu imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a mphamvu yake.