Kudwala M'mimba Titadya pa Phwando

Mwezi wa Okutobala ukafika maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka m'midzi mwathu, ndipo dzuwa nalo limaswa mtengo. Nthawi yomweyi timamvanso kawirikawiri kuti anthu a mudzi wakutiwakuti adwala m'mimba onse pamodzi atadya pa phwando kapena pa maliro. Zikatere ambiri amathamangira kufunsa kuti, "Wathira chiphe ndani?" ndipo amaiwala wodwala amene wagona pamphasa. Tifuna kuti mudziwe chinthu chimodzi: pa matenda otere chimene chimapha munthu kawirikawiri ndicho kutha kwa madzi m'thupi mwake. Banja lodziwa kubwezera madziwo ndi kuzindikira nthawi yopita ku chipatala lingathe kupulumutsa anthu ake.

Tiyerekeze ukwati wa pa mudzi wina

Ukwati uli Loweruka. Mbuzi aipha Lachisanu masana, ndipo madzulo amayi aphika nyama mu mphika waukulu, nauvundikira, nausiya m'khitchini usiku wonse. Loweruka masana autenthetsa pang'ono, ndipo anthu adya pa 1 koloko. Nyamayo siinunkha, ndipo ikoma bwino. Koma pakati pa usiku, mpaka mbandakucha wa Lamulungu, anthu a nyumba zingapo ayamba kumva kupotokola m'mimba ndi kuthamangira ku chimbudzi.

Pano palibe mfiti kapena munthu wa njiru. M'nyama mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tina mwa ito tili ndi timbewu tolimba tosafa ndi moto wophikira. Mphika waukulu umazizira pang'onopang'ono, kotero kuti pakati pake pamakhala pofunda kwa maola ambiri, ndipo m'kufunda kumeneku timbewu tija timamera ndi kuswana kwambiri. Kutenthetsa pang'ono sikutipha. Mpunga wogona uli ndi vuto lofanana ndi limeneli, ndipo chiphe chimene tizilombo timasiya mu mpunga sichichoka ngakhale muutenthetsenso.

Nthawi imene matenda ayambira imatiuza zambiri. Ngati anthu ayamba kusanza kwambiri pasanathe maola 6 atadya, kawirikawiri chimenecho ndi chiphe chimene tizilombo tinasiya kale m'chakudya, monga mu mpunga wogona kapena m'zakudya zogwiridwa ndi munthu wa chilonda pa chala, ndipo kudwalako kumatha tsiku limodzi. Ngati kupotokola ndi kutsegula m'mimba zayamba patapita maola 8 mpaka 16, monga pa ukwati uja, ganizirani nyama kapena msuzi wogona. Ngati matenda ayamba patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, ndipo thupi latentha, ndiye kuti tizilombo tamoyo talowa m'matumbo, monga tochokera ku nkhuku yosapsa kapena ku madzi oipa, ndipo kudwala kotere kumatenga masiku ambiri.

Chimene wodwala ayenera kumwa

Munthu akamatsegula m'mimba ndi kusanza amataya madzi pamodzi ndi mchere wa m'thupi. Madzi okha sabwezera mcherewo, ndipo matumbo amayamwa bwino madzi ndi mchere pamene muli shuga pang'ono. Ndicho chifukwa chake mankhwala oyamba ndi madzi a shuga ndi mchere a m'timapaketi, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Thanzi. Sungunulani paketi imodzi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, kapena othira klorini. Lita ndi mabotolo awiri a theka la lita. Musagawe paketi ndi maso, musaonjezere shuga, ndipo otsala akatha maola 24 atayeni ndi kusungunula ena.

Ngati paketi palibe, musakhale chete usiku wonse kudikira kuti kuche. Mu lita imodzi ya madzi abwino thirani masupuni aang'ono a tiyi 6 a shuga, osatumphuka, ndi theka la supuni yomweyo la mchere. Lawani musanampatse wodwala. Asawawe mchere koposa misozi, pakuti mchere wochuluka ungavulaze mwana. Madzi otsanula pa mpunga wophika kumene, phala la madzimadzi ndi msuzi wa nkhuku wopanda mafuta ambiri zimathandizanso.

Muyeso wake ndi uwu, nthawi iliyonse wodwala akachokera ku chimbudzi. Mwana wosakwana zaka 2 amwe gawo limodzi mwa magawo anayi a kapu, mpaka theka la kapu. Mwana wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Wamkulu amwe kapu imodzi kapena kuposa, monga momwe ludzu lifunira. Wodwala akasanza musaleke. Dikirani mphindi 10, ndipo yambaninso ndi supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma madzi olowa pang'onopang'ono amakhazikika pamene kapu yogugudiza ikadabwerera. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo ayamwe kawirikawiri koposa masiku onse.

Zakumwa za m'mabotolo zotsekemera ndi tiyi wa shuga wambiri zimaonjezera kutsegula m'mimba. Mowa ndi kachasu zimaumitsa thupi. Thobwa lotsala pa phwando lomwelo musalipereke, chifukwa mwina vuto lili m'menemo. Musampatse wodwala mankhwala osanzitsa kapena otsuka m'mimba poganiza kuti mukuchotsa chiphe, chifukwa akungotaya madzi amene watsala nawo. Makapusozi ogula pa golosale sathandiza pa kudwala kwa nyama kapena mpunga wogona, ndipo mapiritsi omanga m'mimba ndi oopsa kwa ana ndi kwa aliyense wochita chimbudzi cha magazi.

Chimene wodwala ayenera kudya

Ena amati m'mimba mupume, namukaniza wodwala chakudya masiku awiri. Kumeneku ndi kulakwa, makamaka pa mwana. Kusanza kukangoleka mpatseni phala, nsima yofewa, mbatata yophika, mpunga wophika nthawi yomweyo, kapena nthochi zakupsa. Adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Zokazinga, nyama yonona ndi tsabola ziyambe zadikira masiku awiri kapena atatu. Mwana wosakwana zaka 5 ayenera kulandiranso mapiritsi a zinki ku chipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo, namwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale atachira msanga. Akachira muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa milungu iwiri kuti thupi libwerere.

Nthawi yopita ku chipatala

Tibwerere ku mudzi uja Lamulungu m'mawa, ndipo tilowe m'nyumba imodzi mmene mwadwala anthu atatu. Bambo wa pa nyumbapo wapita ku chimbudzi kasanu, koma akumwa, akukodza, ndipo akulankhula bwino. Iyeyu akhale pa nyumba, amwe madzi aja, ndipo Lolemba adzakhala atapeza bwino. Mwana wa zaka 3 ali ndi ludzu lalikulu, akulira mosatonthozeka, ndipo maso ake ayamba kulowa m'kati. Uyu madzi ayamba kumthera, ndipo anyamulidwe m'mawa womwewo, akumwa njira yonse. Agogo agona chete, sanakodze chiyambire usiku, ndipo mukawapatsa kapu akulephera kumwa. Ngakhale sakudandaula, iwowa ndiwo ali pa ngozi yaikulu koposa onse, pakuti asowa madzi a dilipi amene sapezeka pa mudzi. Pezani njinga kapena galimoto nthawi yomweyo.

Pali njira yapafupi yoyesera. Tsinani khungu la pamimba ndi zala ziwiri, ndipo mulisiye. La munthu wa madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likakhala chiimire kopitirira masekondi awiri, madzi atha kwambiri. Pa khanda yang'ananinso liwombo ngati lalowa.

Pitani ku chipatala osazengereza mukaona chimodzi mwa izi:

1. Wodwala akusanza chilichonse, akulephera kumwa kapena kuyamwa, walefuka, kapena akuvuta kudzutsa.

2. Sanakodze maola 8, kapena maso alowa ndi khungu silikubwerera.

3. M'chimbudzi muli magazi, kapena thupi latentha kwambiri. Kutentha thupi kungakhalenso malungo, ndipo ayenera kuyezedwa magazi.

4. Chimbudzi ndi chamadzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo chikutuluka chambiri. Imeneyi ingakhale kolera, imene imatha kupha munthu wamkulu tsiku lomwelo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

5. Masiku atatu apita wodwala osapeza bwino.

Makanda, nkhalamba, amayi oyembekezera ndi anthu odwala kale matenda ena monga shuga, chifuwa chachikulu kapena Edzi musawadikiritse kufikira zizindikiro zonsezi zioneke. Apite tsiku loyamba.

Pamene vuto si la tizilombo

Nthawi zina chakudya chimakhala ndi chiphe chenicheni, ndipo madzi a shuga ndi mchere okha sangachithetse. Ngati posakhalitsa atadya anthu ayamba kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, minofu ikunjenjemera ndipo akubanika, ganizirani mankhwala ophera tizilombo ta m'munda kapena osungira chimanga. Ngati adya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira, amamva chizungulire ndi mutu, napuma mofulumira. Onsewa athamangitsidwe ku chipatala, ndipo musawasanzitse. Bowa wakupha ndiye wonyenga koposa. Munthu amayamba kudwala patapita maola 6 kapena kuposa, kenaka amaoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuonongeka m'kati. Akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Aliyense amene anadya nawo bowayo apite ku chipatala, ngakhale amene sanayambe kumva kanthu.

Mawu kwa anyakwawa ndi aphunzitsi

Anthu a nyumba zingapo akadwala pamodzi, uzani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Mphunzitsi kapena wina wodziwa kulemba alembe maina a odwala, zimene anadya ndi nthawi imene anayamba kudwala, chifukwa pepala limeneli limaonetsa msanga mphika umene unalakwa. Tumani mnyamata kwa alendo amene anabwerera kwao kuti nawonso achenjere. Chakudya chotsala chivundikiridwe ndi kuikidwa posafika ana, agalu kapena nkhuku, kufikira a zaumoyo atachiona. Osamalira odwala asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya cha ena.

Ndipo pa phwando lotsatira, nyama ndi mpunga ziphikidwe m'mawa wa tsiku lodyera, ngakhale amayi alawirire tambala woyamba, ndipo zidyedwe zikali zotentha.